ZA DIMBA LA ANA AANG'ONO PA SUKULU ZA M'TSINDE MWA MAPIRI

Inu makolo ndi aphunzitsi amene muwerenga kalata yathuyi mwezi ndi mwezi, tikupemphani kuti tsiku lina mvula itagwa mukaime pa mlatho uliwonse wa mtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo, ndi kupenyetsetsa madzi amene apita pansi panu. Mudzaona kuti ali ofiira ngati thobwa la mawere. Kufiirako si kwa madzi ayi, koma ndi nthaka ya ku Ndirande imene ili pa ulendo wopita ku Shire, ndipo sidzabweranso.

Mzinda wa Blantyre unamangidwa pakati pa mapiri. Chilomoni ali m'tsinde mwa Michiru, Zingwangwa ayang'anana ndi Soche, Bangwe atsamira phiri la Bangwe ndi la Mpingwe, pamene Machinjiri ndi Ndirande agawana phiri limodzi, wina kuno wina uko. Akuluakulu akumbukira kuti phiri la Ndirande linali lobiriwira ndi mitengo kufikira zaka zoyamba za m'ma 1990, pamene inadulidwa yonse m'zaka zowerengeka. Ndipo palibe wa ife amene waiwala mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera ku Soche, nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja, sukulu zambiri nizisanduka misasa ya othawa.

Sitinena kuti kadimba ka pa sukulu kakadaletsa tsoka limenelo. Mvula ya masiku aja inali yoposa muyeso, ndipo inagumula ngakhale malo ena okhala ndi mitengo. Koma kukokoloka kwa chaka ndi chaka, kumene kufukula maziko a nyumba ndi kusandutsa njira kukhala zigwembe, kumeneko munthu akhoza kukuchepetsa. Chiphunzitso chake ndi chimodzi, ndipo mwana wa zaka 7 atha kuchimva: nthaka yofunda ikhala, nthaka yamaliseche ichoka. Tifuna kulongosola m'mene mphunzitsi angaphunzitsire mawu amenewa m'chaka chimodzi cha sukulu, osati pa bolodi, koma m'manja mwa ana.

Kalasi yathu ndi malo ake

Tiyerekeze kalasi ya Sitandade 2 ya ana 90, pakuti chiyambire maphunziro aulere m'chaka cha 1994 makalasi otere sasowa m'makomboni mwathu. Sukulu yawo ili pa malo otsetsereka, bwalo lake ndi louma gwa chifukwa cha mapazi ambiri ndi tsache la m'mawa uliwonse, ndipo malo otsala ndi kachigawo ka mamita 6 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi kuseri kwa kalasi. Malo amenewa akwanira.

Posankha malo, mphunzitsi ayang'ane zinthu zitatu. Choyamba, pafike dzuwa kwa theka la tsiku kapena kuposa, pakuti ndiwo zamasamba zomera pa mthunzi wa khoma zimatalika zowonda ndi kugwa. Chachiwiri, pasakhale kumunsi kwa zimbudzi, kumene madzi a mvula angatsikire kuchokera ku maenje. Chachitatu, pasakhale pa dzala lakale. M'tauni muno dzala libisa magalasi osweka, misomali ndi mabatire, ndipo dzanja la mwana silizindikira zimenezi kufikira litatemeka. Akulu ayambe ndiwo kutembenuza malowo ndi makasu ndi kutola zonse zolasa, ana asanapondepo.

Anawo agawidwe m'magulu 6 a ana 15, gulu lililonse ndi bedi lake. Bedi likhale la mamita 3 m'litali, koma m'lifupi masentimita 80 okha. Akulu amakonda bedi la mita yathunthu, koma mkono wa mwana ndi waufupi; akalephera kufika pakati, adzapondapo, ndipo dothi lopondedwa limaumbika, madzi osalowanso. Pakati pa mabedi pasiyidwe njira ya theka la mita. Mabediwo agone mopingasa chitsetse, osati moloza kumunsi, kuti asasanduke ngalande.

Kudziwa dothi ndi manja

M'teremu yoyamba, imene iyamba mu Seputembala dzuwa likuwamba, sitibzala kanthu. Ndi nthawi yodziwana ndi dothi. Mwana aliyense atape dothi lodzaza dzanja, alinyowetse pang'ono, alifumbate, kenaka ayese kulipota pakati pa zikhatho ngati chingwe. Dothi la mchenga limva kukhakhala ndipo limwazika. Katondo wofiira ndi makande akuda amamata, ndipo apoteka mpaka kupindika ngati chibangili. Dothi labwino la dimba lili pakati: liumbika kampira, koma ukalipota lithyoka msanga.

Chitatha ichi, gulu lililonse litenge botolo loonekera mkati, lithiremo dothi kufikira gawo limodzi la magawo atatu, lidzazemo madzi, litseke ndi kukhutchumula kwambiri, ana akulandizana. Akaliika pa zenera, mchenga ukhala pansi isanathe mphindi imodzi kapena ziwiri, ana akupenya. Pakapita maola awiri, pamwamba pa mchengawo pagona dothi losalala ngati ufa. Dongo lichedwa koposa. Madzi akhala ofiira tsiku lonse, mwina masiku awiri. Pamwamba pa madzi payandama tizinyalala takuda, ndito totsala ta masamba owola.

Mphunzitsi asafulumire kumasulira. Afunse kuti, "Ana inu, m'botolo la bwalo lathu muli tinyalala tingati toyandama? Nanga m'botolo la dothi la pansi pa mtengo wa mango?" Ana adzaona okha kuti dothi la pabwalo losesedwa lilibe kanthu pamwamba, pamene la pansi pa mtengo lili ndi tambiri, ndiponso ndi lakuda. Pamenepo adzakhala atapeza okha chimene dimba lawo lisowa.

Kuphika chakudya cha nthaka

Chosowacho ndi manyowa, ndipo apangidwe m'mwezi womwewo wa Seputembala kuti apse mvula isanakhazikike. Alangizi a zaulimi aphunzitsa njira zingapo, monga ya m'dzenje, ya chimato imene mulu umamatidwa ndi dothi, ndi ya changu imene mulu umatembenuzidwa kawirikawiri. Kwa ana aang'ono tikonda mulu wapamtunda wosamata, chifukwa atha kuona ndi kukhudza zimene zichitika m'kati mwake.

Muluwo ukhale pa mthunzi, wa mita imodzi uku, mita imodzi uko, ndi mita imodzi msinkhu. Ukachepa kuposa apa sutentha. Pansi payalidwe timitengo kapena mapesi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake paikidwe zouma, monga masamba ogwa ndi udzu, kuchindikala kwake ngati chikhatho chotambasula cha munthu wamkulu, ndiwo masentimita 20. Kenaka zaziwisi, monga makoko a nthochi ndi masamba otsala a ku msika, theka la muyeso umenewo. Kenaka zitosi za nkhuku kapena ndowe, kuchindikala kwa zala ziwiri. Izi athire ndi akulu. Potsiriza awazepo phulusa pang'ono ndi dothi lakuda, ndi kuthira madzi. Abwereze motero kufikira mulu utakwana. Phulusa silisowa pa sukulu zimene ziphika phala, monga zija zithandizidwa ndi bungwe la Mary's Meals, limene lakhala likudyetsa ana m'sukulu za m'makomboni muno kwa zaka zoposa 20.

Ntchito ya ana ndiyo kusankha. Zinyalala zonse zobwera zithiridwe pa thumba loyala, ndipo iwo apatule zimene ziwola ndi zimene siziwola. Majumbo, mapepala a maswiti, zitsekerero za mabotolo, zonsezi zipite pa zokha. Kuti phunziroli likhazikike, akwirire khoko la nthochi pa malo ena ndi kajumbo pa malo ena, aikepo zikhomo, ndipo adzafukule patapita mwezi umodzi, akumathirirapo madzi. Khoko lidzakhala litada ndi kufumbutuka, jumbo lili chikhalire.

Pakati pa mulu azikepo ndodo yosongoka. Patapita masiku atatu kapena asanu, mwana mmodzi aizule, onse aikhudze. Ikatuluka yofunda ndi yonyowa, zinthu zili bwino: tizilombo tosaoneka ndi maso tili pa ntchito yodya zinyalala, ndipo kutenthako ndi kwawo. Ikatuluka yozizira, youma, mwina ndi nkhungu yoyera, mulu uli ndi ludzu, uthiridwe madzi. Ikatuluka yoterera ndi yonunkha, madzi achuluka ndipo mpweya wasowa. Mulu uphwasulidwe ndi kusakanizidwa ndi masamba ouma. Muyeso wa madzi ndi uwu: ukafinya zinyalalazo m'dzanja, dzanja linyowe koma madzi asachuche.

Pa masabata atatu alionse akulu atembenuze muluwo, zakunja zilowe m'kati. Patatha miyezi iwiri kapena itatu mulu udzakhala utaphwa kufika theka kapena kucheperapo, wakuda, wonunkhira ngati nthaka ya m'nkhalango. Bedi lathu lililonse lifuna ndowa ziwiri ndi theka za malita 20, ndiye kuti mabedi onse 6 afuna ndowa 15. Mulu umodzi wopangidwa bwino upereka zimenezo.

Mabotolo atatu

Tsopano tifika pa phunziro limene ndilo mtima wa chaka chonse, ndipo lichitike mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Mphunzitsi apeze mabotolo atatu apulasitiki ofanana, a malita 2 kapena 5, awagoneke, nadule mbali yapamwamba m'litali mwake kuti akhale ngati timabwato, kukamwa kwake kuli kotsegula. Onse adzazidwe dothi limodzimodzi kufikira m'munsi mwa kukamwa. Loyamba lisiyidwe lamaliseche. Lachiwiri liphimbidwe ndi masamba ouma. M'lachitatu abzalemo kapinga wozulidwa ndi mizu yake, ndi kumuthirira masabata awiri kapena atatu kuti agwire.

Tsiku la phunziro, mabotolo aikidwe pa thabwa limodzi, lotsamiritsidwa pa njerwa kumbuyo kuti litsetsereke, ndipo kukamwa kwa botolo lililonse kumangiridwe kapu yoonekera mkati. Mvula yake ndi chitini chobooledwa pansi ndi msomali. Ana atatu athire muyeso wofanana wa madzi, theka la lita, aliyense pa botolo lake, chitini chili pa msinkhu umodzi.

Chimene chituluka ndi ichi. M'botolo lamaliseche madzi athamanga msanga, ofiira, ndipo pansi pa kapu pakhala matope. M'botolo la masamba madzi achedwa, ndipo atuluka oyererapo. M'botolo la kapinga atuluka pang'ono, mochedwa koposa, pafupifupi oyera. Ife tinaona kamtsikana kena katanyamula kapu yoyamba ija nkuiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkunena kuti, "Aphunzitsi, awa ndi madzi a mu ngalande ya kwathu." Mphunzitsi sanawonjezepo mawu, pakuti phunziro linali litatha.

Chifukwa chake ndi chapafupi kuchimva. Dontho la mvula likagwa pa dothi losafunda limenya ngati kanyundo, niliphwanya timibulu ta dothi; fumbi lakelo litseka timabowo ta pamwamba, madzi nalephera kulowa, nathamanga pamtunda atasenza dothi. Tsamba louma lilandira nkhonyayo m'malo mwa dothi. Mizu nayo igwira dothi ngati ukonde, ndi kutsegula njira zoti madzi atsikire pansi.

Phunziroli limalephereka pa zifukwa zodziwika. Dothi likakhala louma kwambiri, limwa madzi onse, makapu nakhala opanda kanthu, ana nayamba kuseka. Choncho mabotolo onse anyowetsedwe dzulo lake. Mwana wina akathira mwaphuma kuposa anzake, kapena botolo lina likapendekeka koposa, kufananitsa kwatha. Ndipo kapinga wobzalidwa dzulo sagwira dothi, pakuti mizu yake isanalowe. Mvula yoyamba ikagwa, ana atulutsidwe itangokata, akaone pabwalo pamene madzi adutsa, pamene akumba ndi pamene asiya mchenga. Akulu anati madzi saiwala khwawa; pamene adutsa lero ndi pomwe adzadutsa mawa.

Mpanda wa udzu

Ataona njira ya madzi, aitchinge. Kumtunda kwa dimba kubzalidwe mzere wa udzu wa vetiva, umene mizu yake ilowa pansi molunjika mamita awiri kapena kuposa, ndipo sufalikira m'mabedi. Koma mzerewo uyenera kutsata malo olingana msinkhu, monga ichitira mizere ya akalozera m'minda. Ukapendekeka, madzi adzatsata udzuwo nakumba chigwembe kumapeto kwake.

Chida chopezera mzere wotere chipangidwa ndi nsungwi zitatu zomangidwa ngati chilembo cha A: ziwiri za mamita 2 zokumana pamwamba, ndi imodzi yopingasa pakati. Pansonga pamangidwe chingwe chokhala ndi mwala, cholendewera kupitirira nsungwi yopingasayo. Pofuna kupeza pakati peniyeni, aimike chidacho, alembe pamene chingwe chakhudza, atembenuze miyendo kuti uliwonse uime pamene panali unzake, alembenso; pakati pa zizindikiro ziwirizo ndipo pa muyeso. Poyenda nacho, mwendo umodzi ukhala chiimire, winawo usunthidwa kumtunda kapena kumunsi kufikira chingwe chitagwa pa muyeso, ndipo pamenepo pakhomedwa chikhomo. Chidachi anyamule ana a Sitandade 6 kapena 7. Aang'ono ayang'ane chingwe, afuule chikafika, ndi kupereka zikhomo.

Vetiva abzalidwe kumayambiriro kwa Januwale, nthaka itakhuta. Phata ligawidwe m'tizigawo ta mapesi awiri kapena atatu, masamba adulidwe kutsala masentimita 20, mizu masentimita 10, ndipo tibzalidwe motalikirana masentimita 10 mpaka 15, ngati chikhatho cha mwana chotambasula. Mzere wa mamita 6 ufuna tizigawo pafupifupi 50. Cholakwa chofala ndicho kutalikitsa pofuna kusunga mbewu: madzi apeza mpata, napanikizika pamenepo, nakumba koposa kale. Kagawo kakafa, kabwezeredwe sabata yomweyo. Mpandawo utsekana bwino patapita nyengo ziwiri za mvula, ndipo ana adzaona dothi litaunjikana kumtunda kwake ngati khwerero. Limenelo ndi dothi limene likadapita ku mtsinje.

Nyemba ndi bonongwe

M'teremu yachiwiri mvula ithirira yokha. Manyowa asakanizidwe ndi dothi la m'mabedi kuya kwa khasu limodzi, ndipo mabedi atatu abzalidwe nyemba zosayanga, atatu bonongwe. Tisankha mbewu zimenezi chifukwa mwana wamng'ono sadikira nthawi yaitali. Nyemba zimera pa masiku 5 mpaka 8, ndipo njere yake ndi yaikulu, yogwirika ndi tizala. Ibzalidwe kuya kwa masentimita 3, motalikirana masentimita 10, m'mizere iwiri. Njere za bonongwe ndi zazing'ono ngati mchenga. Zisakanizidwe ndi mchenga wouma kuti zisaunjikane pamodzi, ziwazidwe m'timizere tosaya, ndipo patatha mwezi umodzi ndiwo zayamba kuthyoledwa.

Tsiku lobzala, gulu lililonse liikenso njere zitatu za nyemba m'botolo loonekera mkati, pakati pa khoma la botolo ndi pepala lonyowa. M'menemo ana adzaona chimene nthaka ibisa: kuti muzu ndiwo uyamba kutuluka, nuloza pansi ngakhale njere itagona chadodolido, ndipo tsinde litsatira pambuyo.

Mbewu zikafika msinkhu wa chala, theka la bedi lililonse liphimbidwe ndi udzu wouma wopanda njere, kuchindikala kwa zala zitatu, osakhudza tsinde; theka linalo lisiyidwe. Apa mabotolo aja abwereranso, koma tsopano pa nthaka yeniyeni. Masana dzuwa litatentha, mwana apise dzanja pansi pa udzu, kenaka aligwiritse pa dothi losaphimba. Kwina kuli kozizira ndi konyowa, kwina kotentha ndi kolimba pamwamba. Pansi pa udzu adzapezanso nyongolotsi, ndipo aphunzire kuti sizilumana, kuti ndi alimi anzathu amene aboola nthaka usiku ndi usana. Chiswe chikabwera kudzadya udzuwo, asachite mantha. Auonjezere ndi kuutalikitsa ku tsinde.

Nyemba zikachita maluwa, patatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, mphunzitsi akumbe phata limodzi mosamala, osazula, natsuke mizu m'madzi. Pa mizupo padzaoneka timibulu tating'ono. Kamodzi akakaphwanya ndi chikhadabo, m'kati mwake mukakhala mofiirira, ndiye kuti muli tizilombo tabwino timene titenga chakudya cha mbewu chotchedwa nayitirojeni kuchokera mu mpweya. Timibulu timeneti timamatirira m'mbali mwa muzu ndipo tithothoka ukatikhudza. Koma muzu weniweniwo ukatupa mfundomfundo zosathothoka, imeneyo ndi nthenda ya timinyongolotsi tosaoneka. Pa bedi lotero pasabzalidwe nyemba, tomato kapena therere nyengo yotsatira. Pokolola, mizu ya nyemba isiyidwe m'nthaka, masangwi apite ku mulu wa manyowa.

Mpiru wa m'nyengo yozizira

Teremu yachitatu igwa m'miyezi yozizira ndi youma, ndipo ndiyo nyengo ya mpiru. Njere zifesedwe pa nazale sukulu itangotsegulira, ndipo mbande ziwokeredwe patatha masabata atatu kapena anayi, zili ndi masamba anayi, madzulo dzuwa litapepa. Bedi lilandira mizere iwiri ya mbande 10, motalikirana masentimita 30. Mwa mbande 20 zimenezi mwana aliyense wa gulu akhale ndi yake, yodziwika ndi kamtengo. Zisanu zotsalazo ndi zolowa m'malo mwa zakufa, kuti pasakhale mwana wolira.

Tsopano madzi ndiwo nkhani. Madzi ambiri a m'mipopi ya Blantyre apopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire, kukwera mtunda wautali, ndipo ku kiyosiki amagulidwa ndi ndalama. Choncho tiwerenge bwino. Bedi lophimbidwa ndi udzu likhuta ndi malita 10 pa tsiku m'nyengo imeneyi. Ana asanu a gulu akabwera ndi botolo la malita 2 aliyense, akwanitsa, ndipo mwana asenza kamodzi pa masiku atatu. Chitsekerero cha botolo chibooledwe timabowo kuti madzi agwe ngati mvula yowaza. Asanathire, mwana apise chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, lero bedi lisamwe. Lachisanu athire mowirikiza chifukwa cha Loweruka ndi Lamulungu.

Madzi a m'mitsinje ya m'tauni ana asawatunge, pakuti alandira zonyansa za m'ngalande ndi m'zimbudzi. Tikumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera. Potuluka m'dimba mwana aliyense asambe m'manja ndi sopo, ndipo madzi osambawo akathiridwe pa vetiva.

Adani a mpiru adziwika ndi ntchito zawo. Mbande ikapezeka m'mawa itadulidwa pa tsinde ngati ndi lumo, fukulani ndi chala m'mbali mwake, mudzapeza mbozi yotuwa itadzipinda. Masamba akapotana ndi kumata, yang'anani kunsi kwake, muli nsabwe. Zitsukidwe ndi madzi a sopo pang'ono, madzulo. Koma kachikumbu kofiira ka mawanga akuda kasaphedwe, pakuti chakudya chake ndi nsabwe zomwezo. Masamba akumunsi akachita chikasu mbewu ili yaing'ono, ndi njala, kapena madzi achuluka. Chala chidzakuuzani chimene chili choona. Mankhwala ogula opopera asalowe m'dimba la ana. Nkhuku ndi mbuzi za m'mudzi zitchingidwe ndi mpanda wa nsungwi kapena matumba akale, mbewu zisanamere.

Zimene zipha dimba la pa sukulu

Tiulule cholakwa chathu. Chaka china, pa sukulu ina imene tinkathandizako, tinawokera mbande kutatsala masabata awiri kuti sukulu itsekere. Pobwera ku tchuthi ana anapeza timitengo touma, ndipo pamene tinawaitananso ku dimba anabwera mokoka miyendo. Kuyambira pamenepo tiwerenga chobwerera m'mbuyo: tiyamba ndi tsiku lotsekera, tichotsapo masabata amene mbewu ifuna, ndipo tsiku lotsalalo ndilo lofesa. Mpiru ufuna masabata 7 kapena 8 kuchokera pa kufesa kufikira kuthyola koyamba. Ukachedwa kufesedwa, udyedwa ndi tchuthi. Mu Julayi, potsekera chaka, mabedi onse aphimbidwe ndi udzu wochindikala, agone chofunda kufikira Seputembala.

Chachiwiri chimene chipha dimba ndi chibalo. Mwana wochedwa kapena wolongolola akatumizidwa kukalima ngati chilango, aphunzira kuti khasu ndi mkwapulo. Makolo ena amadandaula kuti sanatumize ana awo ku sukulu kukalimira aphunzitsi, ndipo kumene ndiwo za ana zimathera m'mapoto a akulu, dandaulo lawo ndi loona. Choncho nthawi ya dimba ikhale yaifupi, mphindi 20 kapena 30, gulu limodzi kapena awiri pa nthawi, m'mawa kusanatenthe. Makasu aakulu agwire ndi akulu. Ndipo zokolola zigawidwe poyera, mwana aliyense apite kwawo ndi kamtolo ka masamba a mbewu yake.

Inu amayi ndi abambo, mwana wanu akabwera ndi kamtolo kotero, kaphikeni tsiku lomwelo ngakhale kali kochepa, ndipo mumuuze aliyense wa pa mphasa amene analima. Akakupemphani kuti masamba a pansi pa mtengo musawatenthe, kapena kuti makoko a nthochi muwasunge, musamuseke. Mpatseni thumba lakale la simenti lotsukidwa bwino kapena beseni lobooka, alidzaze dothi ndi manyowa pakhonde, abzalemo bonongwe wake. M'mera mpoyamba. Ndipo mvula ya chaka chino ikagwa, mutuluke naye itangokata, akuonetseni pamene madzi adutsa pabwalo panu, ndi pamene payenera kubzalidwa udzu.